Kapepala kamene ndinakatola m'bini

Lachinayi pa 31 Okutobala, cha m'ma 4 koloko madzulo, ndinapezeka nditagwada kubafa ndikupisa dzanja m'bini. Ndinkafuna kapepala koyezera mimba kamene ndinali nditataya m'mawa wa tsiku lomwelo. M'mawamo kanaonetsa mzere umodzi, ngati kunena kuti palibe mimba, koma mtima unakana kuvomera. Nditakapeza ndinapita nako pawindo, n'kukapendeketsa uku ndi uku, ndipo ndinaona kamzere kachiwiri, kotuwa ngati phulusa, kopyapyala ngati ulusi wa kangaude.

Sindinasinthe ndi chitenje chomwe. Ndinakakulunga m'kapulasitiki, n'kukwera kabaza kuchoka ku Chilinde kupita kwa achemwali anga ku Kawale. Iwo ndi namwino komanso mzamba, ndipo tsiku limenelo anali atangoweruka. Zimene anandiuza pakhonde pawo ndi zimene ndikufuna kulemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndinapisapo m'bini.

## Thupi linandinamizapo kale

Ine ndi amuna anga tinali titatha miyezi isanu ndi iwiri tikufuna mwana. Iwo amagwira ntchito ku Mzuzu ndipo amabwera mwa apo ndi apo, choncho mwezi uliwonse unali ngati mayeso.

Mu Ogasiti ndinali wotsimikiza kuti zatheka. Mawere analemera, nsonga zake zikupweteka ndikangokhudza bulauzi. M'mimba munafufuma mpaka siketi ya kuntchito inakana kutseka bwino. Ndinkasinza pa desiki dzuwa lili pamutu, ndipo tsiku lina ndinalira chifukwa kondakitala wa minibasi anandiyankha mwachipongwe pa nkhani ya chenji. Ndinafika pouza mnzanga wa kutchalitchi kuti andipempherere. Patangotha masiku anayi ndinapita kumwezi, msambo wa nthawi zonse, ndi cham'mimba chake chomwe.

Ndiye mu Okutobala zizindikiro zomwezo zitabweranso, mukanaganiza kuti ndinaphunzirapo. Ayi ndithu. Ndinati ulendo uno mawere akupweteka mosiyana. Lachisanu pa 25 ndinagula timapepala titatu ku famase ya m'tauni n'kuyeza kamodzi madzulo omwewo: mzere umodzi. Pa 31, tsiku limene foni yanga inkati ndiyambe kusamba, ndinayezanso m'mawa: mzere umodzi. Kenako nkhani ya m'bini ija.

## Pakhonde ku Kawale

Achemwali anali akusankha mpunga m'lichero. Anakayang'ana kapepalako kamphindi kochepa chabe.

"Unayeza nthawi yanji?"

"Cha m'ma 6 m'mawa."

"Nanga mzere uwu wauona nthawi yanji?"

"Posachedwapa."

"Kataye, usambe m'manja, ubwere ndi foni yakoyo."

Ndinakwiya pang'ono, osanama. Ndinati, "Koma achemwali, mzerewo simukuuona?" Anati akuuona bwinobwino, koma si mzere wa mimba. Mkodzo ukauma pa kapepala umasiya chipsera chotuwa pamalo pamene mzere wachiwiri umayenera kutulukira. N'chifukwa chake pa paketi amalemba nthawi yowerengera, kawirikawiri mphindi zitatu mpaka zisanu, ndipo ambiri amachenjeza kuti zikadutsa mphindi khumi usawerengenso. Mzere weniweni umatuluka mkati mwa nthawi imeneyo ndipo umakhala ndi mtundu, wofiirira kapena wabuluu malinga ndi kapepalako, ngakhale utakhala wosaoneka bwino. Wanga unalibe mtundu, ndipo unabwera patatha maola khumi.

Kenako anatsegula kalendala ya mu foni mwanga, mmene ndimalemba masiku amene ndayamba kusamba. Anatenga cholembera ndi chikuto cha kope la mwana wawo, n'kuyamba kuwerenga masiku kuchokera tsiku loyamba la msambo wina kufika tsiku loyamba la wotsatira. Anapeza 31, 33, 30, 33, 32.

"Nanga 28 ameneyu unamutenga kuti?"

Sindinamutenge kulikonse. Ndi nambala imene tinaphunzira ku sukulu, ndipo ndi imene inali kale mu foni pamene ndinkayamba kugwiritsa ntchito kalendalayo. Sindinaisinthe. Kwa miyezi yonseyi ndinkadziyesa wochedwa ndi masiku atatu, anayi, asanu, pamene thupi langa linkasunga nthawi yake mokhulupirika.

## Masamu a pa chikuto cha kope

Apa ndi pamene zinthu zinatembenukira, ndiye ndifotokoze pang'onopang'ono ngati mmene iwo anachitira.

Ambirife timaganiza kuti dzira limatuluka pa tsiku la 14 kuchokera pamene tayamba kusamba. Zimenezo n'zoona kwa mayi amene mwezi wake ndi wa masiku 28. Chimene sichisinthasintha kwambiri ndi mbali yachiwiri ya mwezi: kuchokera pamene dzira latuluka kufika pa msambo wotsatira pamapita pafupifupi masiku 14, ena ocheperapo pang'ono, ena oposerapo pang'ono. Mbali yoyamba ndi imene imatalika kapena kufupika. Choncho powerenga umayambira kutsogolo n'kumabwerera m'mbuyo.

Ine ndinayamba kusamba pa 3 Okutobala. Ngati mwezi umenewo unali wa masiku 33, msambo wotsatira unayenera kubwera pa 5 Novembala, osati pa 31 Okutobala. Kuchotsapo masiku 14, ndiye kuti dzira linatuluka cha pa 21 kapena 22 Okutobala. Amuna anga analephera kubwera pa tchuthi cha Tsiku la Amayi pa 15, anabwera Lachisanu pa 18 n'kubwerera Lamlungu pa 20. Ine ndinkadandaula kuti achedwa, poti foni inkati dzira latuluka pa 16. Achemwali anaseka. Anati mbewu ya abambo imatha kukhala ndi moyo m'thupi la mayi mpaka masiku asanu, pamene dzira likatuluka limangodikira tsiku limodzi kapena osakwana. Ndiye kubwera kwawo pa 18 mpaka 20 kunali pa nthawi yake yeniyeni.

Tsopano dzira likakumana ndi mbewu, mimba siyamba kuoneka tsiku lomwelo. Zimakumana m'kanjira kochokera kumene mazira amakhala, ndipo kamluza kamayenda masiku angapo kasanafike m'chiberekero. Kamakhazikika m'khoma la chiberekero patatha masiku 6 mpaka 12 dzira litatuluka, nthawi zambiri cha pa tsiku la 8 mpaka la 10. Kakakhazikika m'pamene thupi limayamba kukhala ndi homoni imene kapepala kamafufuza, ija imalembedwa pa paketi kuti hCG. Kasanakhazikike, homoniyi kulibe. Mungayeze ndi kapepala kodula bwanji, palibe chimene kangapeze.

"Pa 25 paja," anatero achemwali akuloza ndi cholembera, "dzira linali litangotha masiku anayi. Ngati kanthu kanalipo, kanali kakadali pa ulendo. Unangotaya ndalama."

Nanga pa 31? Anati apo panali patatha masiku 9 kapena 10, ndiye mwina kanali katangokhazikika dzulo lake, mwina kanali kasanakhazikike n'komwe. Homoniyi imayamba yochepa kwambiri, n'kumawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Timapepala tambiri ta m'mafamase timayamba kuona ikafika pa mlingo wa 25, ndipo nambalayo imalembedwa pa paketi kapena pa pepala la m'kati. Anandipatsa chitsanzo chongoyerekeza: tinene kuti lero ili pa 5. Pa 2 Novembala ikhala pa 10, pa 4 ikhala pa 20, pa 6 ikhala pa 40. Mayi yemweyo, mimba yomweyo, kapepala kamtundu womwewo, koma lero kakana, pa 4 kakayikakayika, pa 6 kavomera.

Ndinafunsa kuti ndiye ndili ndi pakati kapena ayi. Anati, "Sindikudziwa, ndipo lero palibe kapepala kamene kangakuuze. Mzere umodzi wa m'mawa uja sukutanthauza kuti mulibe. Ukutanthauza kuti wafunsa msanga."

## Nanga mawerewa?

Funso limeneli ndi limene linkandivuta kwambiri, chifukwa ululu unali weniweni, sindinkalota.

Yankho lake ndi homoni ina yotchedwa pulojesiteroni. Dzira likangotuluka, malo amene lachokera amayamba kutulutsa homoniyi kuti ikonze chiberekero, kaya mimba ilowa kaya silowa. Thupi limayala mphasa mlendo asanadziwike ngati akubwera. Pulojesiteroni ndi imene imathandiza kulemeretsa mawere, kufufumitsa m'mimba, kuchedwetsa matumbo mpaka kudzimbidwa, kubweretsa tulo ndi kutenthetsako thupi pang'ono. Ngati mimba sinalowe, imatsika pakatha pafupifupi milungu iwiri, ndipo kutsika kwakeko ndi kumene kumabweretsa msambo. Ngati yalowa, hCG imauza thupi kuti lisasiye kuitulutsa, ndiye msambo subwera.

Apa ndiye ndinamvetsa chifukwa chake Ogasiti ndi Okutobala ankafanana. Sabata yomaliza msambo usanafike, mayi amene waima ndi amene sanaime ali ndi homoni yomweyo m'magazi. Zizindikiro sizingongofanana mwangozi ayi, gwero lake ndi limodzi. Mawere opweteka pa 25 Okutobala ankangondiuza kuti dzira latuluka, basi.

Kusiyana kumayamba kuoneka pambuyo pake. Za msambo zimatha magazi akangoyamba, tsiku loyamba kapena lachiwiri mawere amapepuka. Za mimba sizitha, zimapitirira n'kumakula. Nseru ija imene aliyense amaitchula kawirikawiri imayamba cha mu sabata yachisanu ndi chimodzi kuwerengera kuchokera pa msambo womaliza, kutanthauza kuti msambo wadumpha kale. Kukodza pafupipafupi, kuda kwa khungu lozungulira nsonga za mawere, kudana ndi fungo la zakudya, zonsezi zimakonda kubwera kapepala katayamba kale kuonetsa mizere iwiri. Ndipo alipo amayi ena amene samva chilichonse mpaka miyezi itapita.

Pali chinanso chimene anzanga amakonda kuchikamba m'magulu a pa foni, timadontho ta magazi totuluka kamluza kakamakhazikika. Zimachitikadi kwa ena: timadontho tochepa, tofiirira kapena toderako, tsiku limodzi kapena awiri, tosadzaza padi. Koma ambiri saziona, ndipo msambo nawo umatha kuyamba ndi timadontho tomweto. Ine ndinasiya kudalira zimenezo.

Chimodzi chimene achemwali ananena motsindika, poti kunali kukuyandikira dzinja: kufooka ndi nseru zikabwera ndi kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo kapena litsipa, usakhale pansi n'kumati ndi mimba. Kayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo uwauze a chipatala kuti mwina uli ndi pakati asanakulembere mankhwala.

## Masiku asanu ndi limodzi aatali

Tinagwirizana kuti kapepala katsalako ndisakakhudze mpaka pa 6 Novembala, tsiku limodzi kupitirira mwezi wanga wautali kwambiri. Anati kakakana tsiku limenelo koma msambo osabwera, ndiyezenso pa 10, chifukwa pamenepo pakhala patatha masiku 21 kuchokera tsiku lomaliza limene ndinakhala malo amodzi ndi amuna anga.

Lamulo la masiku 21 limeneli ndalikonda kuposa lina lililonse, chifukwa silifuna kuti udziwe tsiku la dzira. Limathandiza amene msambo wawo umabwera mosalongosoka, amene akuyamwitsa ndipo sanayambirenso kusamba, amene angosiya jakisoni wa miyezi itatu, ngakhalenso amene amwa mapiritsi a pangozi, poti amenewo amatha kusuntha tsiku la msambo. Umangowerenga milungu itatu kuchokera tsiku lomaliza limene munagonana mosadziteteza. Njira zolera zimenezi sizisokoneza kapepala, zimangosokoneza kalendala.

Kudikirako sindikufuna kukukometsa. Ndinkapita kuchimbudzi kakhumi pa tsiku kukaona ngati zayamba. Lolemba m'chinena munayamba kukoka ngati mmene mumachitira msambo ukamabwera, ndipo ndinaika padi m'chikwama n'kudziuza kuti basi zatha. Lachiwiri linadutsa. Palibe.

## Lachitatu m'mawa

Ndinachita monga anandiuzira. Usiku sindinamwe madzi ambiri, chifukwa madzi amasungunula mkodzo ndipo homoni yochepayo imabisala. Ndinagwiritsa ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa, umene wagona m'chikhodzodzo usiku wonse. Mimba ikakula zimenezi sizikhalanso ndi kanthu, koma masiku oyambirirawa zimatha kusintha yankho. Ndinayang'ana deti lothera ntchito pa paketi, n'kuonanso kuti sinabooke, poti chinyontho ndi kutentha zimaononga timapepalati. Amene mumasunga m'chikwama chimene chimakhala padzuwa la Okutobala, kumbukirani zimenezo.

Ndinatungira mkodzo m'kakapu kouma, n'kuviika kapepala mbali ya timivi kwa timasekondi tochepa timene analemba, osapitirira mzere wolembedwa MAX. Ndinakagoneka pa matailosi ouma, n'kutchera mphindi zisanu pa foni, n'kutuluka panja kuti ndisakayang'anitsitse. Mayi woyandikana nafe anali akukoleza mbaula, ndipo tinapatsana moni ngati palibe chikuchitika.

Foni italira ndinalowa. Mzere wakumtunda unali wofiira bwino. Umenewu ndi umene umasonyeza kuti kapepala kagwira ntchito, pa zoyezera za pulasitiki zija amaulemba C, ndipo ukapanda kutuluka ndiye kuti mayeso onse ndi opanda pake, kaya winawo waoneka kaya ayi. Pansi pake panali wachiwiri, uja wa T, wofiirira mopepuka koma wosachita kufuna windo. Unali ndi mtundu, unali wonenepa mofanana ndi mnzake, ndipo unabwera mkati mwa mphindi zisanu.

Ndinajambula n'kutumiza ku Kawale. Yankho linabwera lalifupi: "Uwu ndiye mzere. Usalengeze kaye. Madzulo ubwere."

## Zimene mizere iwiri sinena

Madzulowo sanandisiye kuti ndingosangalala. Anati kapepala kamangonena kuti homoni ilipo, sikanena kuti mimba yakhala pati kapena ngati ikukula bwino. Mimba zina zimachoka masiku oyambirira enieni, mayi n'kungoona ngati msambo wachedwa ndi kubwera wambiri, ndipo nthawi zambiri sichikhala chifukwa cha chimene iye wachita. Amene amayeza msanga kwambiri ndi amene amaziona zimenezi n'kusweka mtima. Komanso amene wangopita padera kapena wangobereka, homoni imatha kutsalira m'thupi kwa milungu ingapo n'kumaonetsabe mizere iwiri.

Chimene anandiuza kuti ndibwereze pamaso pawo ndi cha mimba yokhala kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'kanjira kaja. Nayo imaonetsa mizere iwiri. Zizindikiro zake ndi kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba makamaka mbali imodzi, kutaya magazi, kupweteka pa nsonga ya phewa, chizungulire kapena kukomoka. Anati zikatero, usiku kapena usana, palibe kudikira kuti kuche kapena kuti abambo abwere kuchokera ku Mzuzu. Ndi kupeza galimoto n'kuthamangira ku Bwaila kapena ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, chifukwa kanjirako kakaphulika magazi amatayikira m'kati mosaoneka. Anawonjezera kuti ngakhale mayi amene sanayeze, msambo ukachedwa n'kumva zoterezi, apite n'kukanena kuti mwina ali ndi pakati.

Kenako anandifunsa ngati ndikumwa mapiritsi a foliki asidi. Ndinati ayi, ndimadikira kuti ndidziwe kaye. Anagwedeza mutu. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'milungu yoyambirira yeniyeni, mayi asanadziwe n'komwe, ndiye mapiritsiwo amayenera kuyambika munthu akangoganiza zofuna mwana. Ndinayamba usiku womwewo. Za sikelo anati ndisachite za amayi athu zodikira kuti mimba ioneke kaye, ndikayambe miyezi itatu isanathe.

Nseru inadzafika chakumapeto kwa Novembala, mvula itayamba. Tsiku lina mnzathu wa pa mpanda ankakazinga usipa, ine n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Apo ndinali nditadziwa kale kwa milungu iwiri ndi theka.

## Masamu a abambo

Pa 6 pomwepo achemwali anawerenga kuti mimba ili ndi milungu inayi ndi masiku asanu ndi limodzi, tingoti milungu isanu. Ine mwachimwemwe ndinaimbira amuna anga n'kuwauza chimodzimodzi.

Foni inakhala chete. Kenako ndinamva akuti, "Milungu isanu? Inetu ndinabwera pa 18. Lero ndi pa 6. Imeneyo ndi milungu iwiri ndi masiku asanu."

Ndinangowapatsa foni achemwali.

"Alamu," anatero, "khazikani mtima pansi. Kuchipatala sitiwerenga kuyambira tsiku limene munabwera inu, poti tsiku la dzira amayi ambiri salidziwa. Timawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, ndipo apa ndi pa 3 Okutobala. Milungu iwiri yoyambirira, kwa uyu pafupifupi itatu, timaiwerengera mimba isanalowe n'komwe. Milungu 40 ija mumamva imayambira pamenepo."

Ndinawamva akuseka kutsidyako, kuseka kwa munthu amene watula katundu. Anafunsa kuti ndiye mwana adzabadwa liti. Achemwali anati powerenga ndi msambo ndi cha pa 10 Julayi, koma poti dzira langa limachedwa, sikani ikhoza kudzakankhira tsikulo kutsogolo ndi masiku anayi kapena asanu.

"Ndiye tchuthi ndipemphe cha liti?"

"Dikirani sikani, alamu. Mkazi wanuyu wataya kale timapepala tiwiri chifukwa chofulumira, inu musatayenso tchuthi."